Ndalama Zachoka Koma Sizinafike: Tanthauzo Lake ndi Woyenera Kulipira Chaji

Kabuku aka ndi ka mabanja a ku Ntaja ndi madera oyandikana nawo, kuyambira kwa Kawinga, Nsanama, Nselema mpaka ku Liwonde ndi ku Balaka, amene amalipira kapena kulandira ndalama kudzera pa foni ndi ku banki. Airtel Money inayamba m'dziko muno mu 2012, TNM Mpamba n'kutsatira mu 2013, ndipo lero fizi ya ana, mayunitsi a magetsi, malipiro a nandolo ndi mpunga komanso thandizo lochokera kwa ana athu a ku Joni zimadutsa njira imeneyi. Nthawi zambiri zimayenda bwino. Koma tsiku lina wolipira amalumbira kuti ndalama zatuluka, wolandira n'kulumbiranso kuti sanaone kanthu, ndipo onse awiri amakhala akunena zoona.

Anthu timangoti "zakanika" pa zinthu zosiyana kwambiri. Pali ndalama zimene sizinachoke n'komwe. Pali zimene zachoka koma zaima panjira. Pali zimene zafika pakhomo la wolandira n'kubwezedwa. Palinso zimene zafika bwinobwino koma kwa munthu wolakwika. Chochita chanu, ndiponso amene alipire chaji, zimadalira kuti mwa zinayizi chakugwerani ndi chiti. Choncho ntchito yoyamba si kukangana, ndi kudziwa pamene ndalamazo zili.

Mmene ndalama zimayendera

Mukatumiza ndalama kuchokera ku banki kupita pa foni ya mnzanu, palibe ndalama yapepala imene imanyamuka. Chimene chimayenda ndi uthenga. Banki yanu imayamba yachotsa ndalamazo pa akaunti yanu pamodzi ndi chaji, kenako imatumiza uthenga ku kampani ya foni wakuti, "Muikireni uje ndalama zakuti." Kampani ya foni ikaika, imayankha kuti zatheka. Uthengawu umadutsa m'makina olumikiza makampani awiriwo, ndipo malipiro ena a pakati pa mabanki ndi makampani a foni amadzera ku Natswitch, makina amene mabanki a m'dziko muno anakhazikitsa mu 2015.

Zili ngati kupatsa kondakitala wa minibasi ya ku Liwonde kalata yoti akasiyire m'bale wanu: kalata yachoka m'manja mwanu, koma kuchoka si kufika. Netiweki ikaduka pakati, kapena makina a mbali imodzi akachedwa kuyankha, banki imakhala yachotsa kale koma kampani ya foni sinaike. Ndalamazo sizinasowe. Zimasungidwa pa akaunti yodikirira, mpaka makampani awiriwo atafananitsa mabuku awo. Akafananitsa, chimodzi mwa ziwiri chimachitika: ndalama zimapitirira kwa wolandira kapena zimabwerera kwa wotumiza. Nthawi zina makina amabweza okha pakangopita mphindi zochepa. Nthawi zina pamafunika munthu wa mu ofesi, ndiye ngati vuto lachitika Lachisanu madzulo kapena pa tsiku la tchuthi, mukhoza kudikira mpaka tsiku la ntchito lotsatira, mwinanso kuposerapo.

Umboni ndi balansi, osati uthenga

Uthenga wa pa foni umachedwa, umasochera, ndipo munthu wachinyengo akhoza kuulemba yekha. Chimene sichinama ndi balansi imene mwafunsa nokha pa foni yanu, pa *211# ngati muli pa Airtel Money, pa *444# ngati muli pa Mpamba, kapena pa nambala ya banki yanu, monga *626# kwa amene ali ku National Bank. Pamenepo palinso malo oonera kaundula wamfupi wa ndalama zimene zalowa ndi kutuluka posachedwa.

Foni ikalemba kuti "Transaction failed" kapena "Insufficient funds", inu n'kupeza kuti balansi ili monga inalili, ndiye kuti palibe chachoka. Palibenso chaji yoyenera kudulidwa, chifukwa palibe ntchito imene yagwiridwa. Mawu akuti "Insufficient funds" amadabwitsa anthu amene akuona kuti ndalama zilimo. Kawirikawiri vuto limakhala lakuti munthu akufuna kutumiza zonse zimene ali nazo, osasiyapo za chaji. Muli ndi K50,000 ndipo mukutumiza K50,000, makina akana, chifukwa chaji ilibe pochokera.

Koma ikalemba kuti "Pending", kapena ikangoti zii osalemba kanthu, balansi yanu n'kutsika pamene ya mnzanu sinakwere, ndiye kuti ndalama zaima panjira. Apa ndi pamene anthu ambiri amadzivulaza okha.

Nkhani ya matumba asanu ndi atatu a nandolo

Tiyeni tiitsate nkhani imodzi bwinobwino. Mitengo ndi machaji amene ali m'munsimu ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke. Chaji yeniyeni muione pa pepala la mitengo lomatidwa pa malo a ejenti kapena m'banki.

Mu Seputembala, Lachisanu cha m'ma 4 koloko madzulo, mayi wina wa kwa Kawinga wabweretsa pa Ntaja matumba 8 a nandolo, lililonse la makilogalamu 50. Onse pamodzi ndi makilogalamu 400. Agwirizana ndi wogula pa K800 pa kilogalamu, ndiye kuti K320,000. Wogula alibe ndalama m'manja, akuti atumiza kuchokera ku banki yake kupita pa foni ya mayiwo. Pa akaunti yake pali K700,000, ndipo chaji tiyerekeze kuti ndi K1,000. Pa foni ya mayi pali K4,500.

Wogula watumiza. Balansi yake yatsika kufika pa K379,000, kusonyeza kuti K321,000 yachoka. Mayi afunsa balansi yawo, ikadali K4,500. Adikira theka la ola, palibe chasintha, ndipo dzuwa likupendeka.

"Amayi, onani nokha, kwanga zachoka. Ine ndalipira, matumba akwere galimoto."

"Achimwene, kwanu zachoka, koma kwanga sizinalowe. Ndikauza chiyani bambo kunyumba?"

Pa nkhani ya ngongole, mayi ndi amene akunena zoona. Munthu amakhala kuti walipira pamene ndalama zafika kwa mwini wake, osati pamene zachoka kwa iye. Njira ya banki anasankha ndi wogula, banki ndi yake, ndipo ndi iye yekha amene banki ingamuyankhe akafunsa. Mayi akaimbira banki ya wogula sadzauzidwa kanthu, popeza akaunti si yawo. Choncho udindo wotsatira ndalamazi uli pa wogula, ndipo mpaka zitalowa, nandolo sanalipiridwe.

Tsono pali msampha. Wogula wachangu amati, "Basi nditumizenso." Akatero, K321,000 ina ichoka, atsala ndi K58,000. Tinene kuti yachiwiriyi yalowa, mayi apita kwawo. Lolemba makampani afananitsa mabuku, apeza kuti malipiro oyamba aja anali abwino, awapititsa. Pa foni ya mayi palowanso K320,000. Tsopano wogula walipira kawiri, wadulidwa chaji kawiri, ndipo banki ilibe mlandu, chifukwa malipiro onse awiri analamula ndi iye ndipo onse afika. Ayenera kuwafunafuna mayiwo kwa Kawinga kuti am'bwezere. Mayi ayenera kubweza, popeza ndalamazo si zawo, koma chaji yotumizira pobweza si yoti ichoke m'thumba mwawo. Aichotse pa ndalama zomwezo, chifukwa amene anathamanga ndi wogula.

Njira yabwino ndi ina. Wogula aimbire banki yake pomwepo, mayi ali pompo akumva. Atchule nambala ya malipiro, ija imalembedwa kuti "Ref" kapena "Trans ID" mu uthenga kapena mu kaundula wamfupi, atchulenso nthawi, kuchuluka kwa ndalama ndi nambala ya foni ya wolandira. Afunse funso limodzi lolunjika: kodi ndalamazi zipitirira kapena zibwerera? Apemphenso nambala ya dandaulo lake, ailembe. Akamaliza, awiriwo agwirizane za matumba. Akhoza kusiyidwa kwa munthu amene onse amamukhulupirira, monga wa komiti ya msika, kufikira ndalama zitaoneka. Ngati wogula akuumirira kunyamula, palembedwe kapepala kokhala ndi tsiku, makilogalamu, mtengo, nambala ya malipiro, nambala ya chiphaso chake cha unzika, siginecha yake ndi ya mboni. Ine ndikanakhala mayiwo, ndipo wogula ali mlendo wa galimoto yongodutsa, matumba sakanakwera. Kapepala kamathandiza pa munthu amene mukudziwa kwawo.

Nanga ndalama zikabwerera kwa wogula? Apa pali chinthu chimene ambiri sachiyang'ana. Balansi yake iyenera kubwerera pa K700,000. Ikabwerera pa K699,000, ndiye kuti zabwera ndi K320,000 zokha, chaji yatsala. Vuto linali la makina, osati la kasitomala, ndipo munthu salipira ntchito imene sinagwiridwe. Chajiyo aiitanitse. Nthawi zina imabwera payokha pambuyo pake, ndiye ndi bwino kuona kaundula musanadandaule, koma ikapanda kuoneka, tchulani nambala ya dandaulo ija n'kupempha kuti ibwezedwe. Anthu amachita manyazi kulondola K1,000, koma ndi yanu.

Patsala ndalama imodzi imene kampani iliyonse singabweze: ya kabaza imene mayi alipira pobweranso pa Ntaja Lolemba. Kunena chilungamo, wogula ndiye ayenera kuwaganizira, chifukwa iwo katundu anabweretsa pa nthawi yake. Zimenezi zikambidwe Lachisanu lomwelo, mitima isanatenthe.

Zafika koma zabwezedwa

Uku n'kosiyana ndi kuima panjira. Uthenga wafika ndithu ku banki kapena ku kampani ya wolandira, koma iwo akana kulandira, ndalama n'kubwerera kumene zachokera. Mu kaundula mumaona mawu ngati "Reversal" kapena "Returned". Nthawi zonse pamakhala chifukwa, ndipo mukatumizanso musanachidziwe, zibwereranso.

Chifukwa china ndi malire. Akaunti ya pa foni ili ndi mlingo wa ndalama zimene ingasunge ndiponso zimene zingadutsepo pa tsiku. Ngati ndalama zobwera zipitirira mlingowo, makina amakana. Amene mukuyembekezera malipiro aakulu a mbewu, funsani malire a akaunti yanu tsiku logulitsa lisanafike.

China ndi akaunti yogona. Akaunti ya ku banki ikakhala miyezi yambiri osagwiritsidwa ntchito, banki imaigoneka, ndipo ikakhalitsa ikhoza kutsekedwa. Izi zimagwera kwambiri alimi a fodya amene akaunti yawo imaona ndalama nyengo ya okushoni yokha. Ndalama zotumizidwa ku akaunti yotsekedwa zimabwerera, ndipo ku akaunti yogona zikhoza kulowa koma inu osatha kutapa mpaka mutapita ndi chiphaso kukaidzutsa. Ulendo wa ku Liwonde kapena ku Balaka wokadzutsa akaunti upangidwe fodya asanapite ku msika.

Chachitatu ndi dzina. Kuno kwathu dzina limodzi limalembedwa m'njira zingapo: Yusufu, Yusuf, Usufu. Mayi wina amadziwika ndi dzina la mwamuna wake pamene pa chiphaso pali la bambo ake. Kuyambira pamene boma linalemba anthu m'kaundula wa unzika mu 2017, n'kutsatira kalembera wa manambala a foni mu 2018, makampani amayendera dzina la pa chiphaso. Mwana wa ku Joni akatumiza ndalama kudzera ku Mukuru kapena kampani ina yotere, iye n'kulemba dzina la pamudzi, wopereka ndalama akhoza kukana, ndipo sakulakwa. Amene angakonze dzinalo ndi wotumiza yekha, komweko. Ndi bwino kukonza dzina kusiyana ndi kuthetsa malipiro n'kuyambiranso, chifukwa pothetsa chaji yoyamba ikhoza kupita, ndipo mtengo wosinthira randi ndi kwacha umakhala utasuntha. Mutumizireni mwanayo chithunzi cha chiphaso chanu kuti azikopera dzina lemba ndi lemba.

Pa ndalama zobwezedwa chotere, chaji imagwera ndani? Kampani imadula amene analamula malipiro, ndiye kuti wotumiza, ndipo popeza makina ake anagwira ntchito yawo, siikakamizika kubweza monga imachitira vuto likakhala lake. Koma pakati pa inu awiri, funsani kuti cholakwa chinachokera kuti. Ngati wolandira anapereka nambala ya akaunti yotsekedwa, kapena analemba nambala yopereweza, chaji yotumiziranso ichotsedwe pa ndalama zake. Ngati anapereka zolondola koma wotumiza anakopera molakwika, wotumiza alipire yekha ndipo wolandira alandire zonse zosadulidwa. N'chifukwa chake nambala ya akaunti ndi yofunika kuitumiza pa uthenga wolemba, osati kuitchula pakamwa pa foni. Uthengawo ndi umene udzaweruze.

Fizi ya sukulu ili ndi vuto lakelake limene anthu amalisokoneza ndi kubwezedwa. Kholo lalipira ku akaunti ya sukulu, ndalama zalowa, koma mwana wabwezedwa kuti sanalipire. Kawirikawiri ndi chifukwa chakuti polipira simunalembe dzina la mwana ndi kalasi yake, ndiye msungichuma wa sukulu akuona ndalama koma sakudziwa mwini wake. Musalipirenso. Pitani ndi risiti kapena nambala ya malipiro, aifufuze pa sitetimenti ya sukulu.

Nambala yolakwika

Apa ndalama sizinakanike. Zayenda bwinobwino kupita kumene chala chanu chinalozera. Kampani yagwira ntchito imene munailamula, choncho chaji yapita, ndipo ndi yanu. Chimene mungapulumutse ndi ndalama zenizenizo, ndipo zimadalira liwiro. Imbirani kampani yanu nthawi yomweyo ndi nambala ya malipiro. Ngati ndalama zikadali pa akaunti ya wolandirayo, akhoza kuzigwira kuti zisatapidwe pamene akufufuza. Ngati watapa kale, kampani ilibe chobweza, nkhani yatsala pakati pa inu ndi iye, ndipo ikhoza kufika ku polisi ndi ku bwalo la milandu. Musanaike pini, foni imasonyeza nambala ndipo nthawi zambiri dzina la wolandira. Werengani dzinalo mokweza. Masekondi asanu amenewo ndi otsika mtengo kuposa zonse zimene zalembedwa m'ndime ino.

Kwa inu amene ndalama za eni zalowa pa foni yanu: si mwayi, ndipo kuzidya kukhoza kukufikitsani ku khoti. Koma musathamangirenso kubweza nokha. Akuba amatumiza uthenga wabodza wooneka ngati wa kampani, kenako amaimba akulira kuti, "Bambo anga, ndalakwitsa nambala, ndi za kuchipatala, ndibwezereni." Uthenga wotere umachokera pa nambala wamba, monga yoyamba ndi 099 kapena 088, osati pa dzina la kampani. Funsani balansi. Ngati sinakwere, palibe chalowa. Ngati yakweradi, muuzeni woimbayo kuti adandaule ku kampani, ibweze yokha. Mukatero simulipira chaji, ndipo palibe angadzakunamizireni. Pini yanu musauze aliyense, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku ofesi kuti akuthandizeni kubweza ndalama.

Ngongole yodulidwa ku banki ndi cheke chobwerera

Mbali iyi ikukhudza kwambiri aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi ena olandira malipiro a pamwezi, ndipo ndi imene chaji yake imapweteka. Munthu amasainira kuti banki izidula ndalama pa tsiku lakutilakuti mwezi uliwonse kupita kwa wobwereketsa kapena ku inshuwalansi. Tsikulo likafika pa akaunti palibe zokwanira, malipirowo amabwerera osalipidwa, ndipo banki imadula chindapusa.

Tiyerekeze mphunzitsi wa pa sukulu ina kufupi ndi Nselema. Ngongole yake ndi K60,000 pa mwezi, yodulidwa pa 25. Mwezi uno malipiro achedwa, alowa pa 28. Pa 25 pa akaunti pali K12,000 yokha. Makina ayesa kudula, alephera. Banki idula chindapusa, tinene K5,000, patsala K7,000. Wobwereketsa nayenso sanalandire kanthu, ndiye awonjezera chiwongoladzanja cha kuchedwa monga mwa pangano. Ngongole ya K60,000 ija ili pomwepo, sinachepe ngakhale tambala. Ngati wobwereketsa ayesanso kudula pa 27, malipiro asanalowe, chindapusa chikhoza kudulidwa kachiwiri.

Mphunzitsiyo anena kuti, "Wachedwetsa ndi bwana, ine ndalakwa chiyani?" Ndi zomveka, koma banki inapangana ndi iye, osati ndi bwana wake. Udindo woonetsetsa kuti ndalama zilipo pa tsikulo ndi wa mwini akaunti, choncho chindapusa ndi chake. Chimene angachite ndi kupempha, mwa kalata, kuti tsiku lodula lisunthidwe kufika kumapeto kwa mwezi kapena kumayambiriro kwa wotsatira, ndipo akaona kuti malipiro achedwa, auze wobwereketsa tsikulo lisanakwane. Nkhaniyi siithera pa K5,000. Dziko lino lili ndi lamulo la 2010 lokhazikitsa mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, ndipo kulephera kobwerezabwereza kumalembedwa kumeneko, n'kudzakutsekerani khomo tsiku lofuna ngongole ina.

Pali nthawi imene chindapusachi si chanu. Ngati ndalama zinalipo zokwanira koma banki yabwezabe, kapena wobwereketsa wayesa kudula tsiku la pangano lisanafike, kapena akudulabe ngongole imene munamaliza, tengani sitetimenti, muzungulize tsikulo ndi cholembera, mukapemphe kuti chindapusa chibwezedwe.

Macheke achepa masiku ano, koma mfundo yake ndi yomweyi. Cheke chikabwerera cholembedwa "Refer to drawer", kapena mwachidule "R/D", banki ikunena kuti mubwerere kwa amene analemba, ndipo kawirikawiri chifukwa chake ndi chakuti pa akaunti yake palibe zokwanira. Wolemba cheke ndiye amadulidwa chindapusa ndi banki yake, ndipo ngongole yake kwa inu ikadalipo yonse. Ngati banki yanu yakudulaninso kanthu chifukwa cha chekecho, muwonjezere pa zimene mukumuitanitsa. Katundu asatuluke chifukwa mwaona cheke, ngakhale mutachiika kale ku banki. Dikirani banki itsimikize kuti ndalama zakhwima.

Kwa ejenti, pa makina otapira ndi pogula magetsi

Potapa kwa ejenti, ndalama zimachoka pa foni yanu kupita pa yake, iye n'kukupatsani zapepala. Zikachoka kwanu koma kwake osaoneka, musachoke msanga. Aone balansi yake inu muli pompo, alembe m'buku lake nthawi ndi nambala ya malipiro, muimbire kampani muli limodzi. Ejenti sangakupatseni ndalama zimene sanalandire, komanso alibe ufulu wokulipiritsani kanthu kapadera kuti akuthandizeni kudandaula. Chaji yotapira imadulidwa ndi makina, si yopereka pamanja.

Makina a khadi a ku banki akadula akaunti koma osatulutsa ndalama, sungani kapepala ngati katuluka, lembani nthawi ndi malo, mukadandaule ku banki imene inakupatsani khadi, ngakhale makinawo ali a banki ina. Makina amawerengedwa, ndipo ndalama zimene sizinatuluke zimapezeka momwemo.

Pogula mayunitsi a ESCOM, ndalama zikachoka koma manambala 20 aja osabwera, nthawi zambiri mayunitsi amakhala atagulidwa kale, wachedwa ndi uthenga. Mukagulanso mudzakhala mutagula mayunitsi kawiri ndi kulipira chaji kawiri. Pemphani kampani imene munagulirako kuti ikutumizireninso manambalawo. Koma mukalakwitsa nambala ya mita, mayunitsi amenewo amagwira pa mita imene mwalembayo basi, ndipo kuluza kwake ndi kwanu.

Kokadandaula

Yambirani kwa amene anadula ndalama: banki yanu kapena kampani yanu ya foni. Khalani ndi zinthu izi musanaimbe kapena musanakwere galimoto: tsiku ndi nthawi, kuchuluka kwa ndalama, chaji imene yadulidwa, nambala ya malipiro, nambala ya wolandira, ndi chiphaso chanu. Mauthenga musafufute, ndipo popeza mafoni aang'ono amadzaza msanga, koperani nambala ya malipiro m'kope la pakhomo tsiku lomwelo. Funsani kuti yankho libwera liti, mulembe tsikulo pamodzi ndi nambala ya dandaulo. Mukaimbanso musayambirenso nkhani, ingotchulani nambalayo.

Tsiku limene analonjeza likadutsa popanda yankho, lembani kalata, musunge kope lake lodindidwa. Zikakanikabe, pali kokwera. Mabanki amayang'aniridwa ndi banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, pansi pa lamulo la 2010 la ntchito za chuma, ndipo njira zolipirira, kuphatikizapo ndalama za pa foni, zili m'manja mwake pansi pa lamulo la 2016. Banki yaikuluyi imalandira madandaulo a anthu amene sanathandizidwe ndi makampaniwa, ndipo ili ndi maofesi ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Chimene adzafune kuona ndi umboni wakuti munayamba mwadandaula ku kampaniyo, ndiye nambala ya dandaulo ndi kope la kalata ndi zimene zidzakuyankhulireni.

Mkangano ukakhala wa pakati pa inu ndi mnzanu, monga wa mayi ndi wogula nandolo uja, banki singauweruze. Umenewo ndi wa komiti ya msika, wa kwa amfumu, ndipo zikavuta wa ku bwalo la majisitireti. Kulikonseko adzafunsa zofanana: munagwirizana zingati, zinachoka liti, zinafika kwa ndani, ndipo analakwitsa ndani.

Pakhomo panu sankhani kope limodzi lolembamo malipiro onse opitirira ndalama imene mungamve kuwawa itatayika, ndipo aliyense wogwira foni ya ndalama adziwe kuti balansi ikatsika mnzake asanalandire, satumizanso mpaka kampani itanena kumene ndalama zoyambazo zili.